Batire la jelo kapena la lithiyamu: kuyerekeza malonda awiri a pa intaneti mu tebulo

*Ndimakhala ku Kabwata, ndipo batire la invata yanga ya 12V linafa. Mwana wanga wanditumizira zithunzi ziwiri zomwe anajambula pa sikirini ya foni yake ku Facebook Marketplace, ndaziphatikiza apa. China ndi batire la jelo la 200Ah pa K5,200, wogulitsa ali ndi shopu ku Kamwala. China ndi la lithiyamu la 100Ah pa K6,900, akuti amabweretsa kunyumba ulere. Ndingaziike bwanji mu tebulo kuti ndione mtengo, mphamvu ndi malamulo a wogulitsa pamodzi? Ine ndikuona ngati la 200Ah ndilo labwino, popeza ndi lalikulu kawiri komanso lotchipa. Malaiti akapita timayatsa tivi, rauta ndi mababu anayi, n'kumatchaja mafoni ndi laputopu.*

*Mayi wa ku Kabwata, Lusaka*

Amayi, mwachita bwino kutumiza zithunzi zenizenizo m'malo mongonditchulira mitengo, chifukwa nkhani yonse yagona m'timalemba ting'onoting'ono tomwe maso amadumpha. Ndiyambe ndi yankho: musatumize ndalama kwa aliyense mwa awiriwa panopa. Batire la 200Ah si lalikulu kawiri monga likuonekera. La lithiyamu ndilo mtundu womwe ine ndikanasankha pa nyumba ngati yanu, koma wogulitsa wake waika malamulo omwe sindingawavomere ndi ndalama zanga. Tebulo lopangidwa bwino likuonetsani zimenezi inuyo, popanda kudalira mawu anga.

Tisanajambule mizere, tione kaye zithunzizo. Chithunzi cha pa sikirini chimagwira zomwe zinali pa foni nthawi imene munthu anachijambula, basi. Pa chithunzi cha batire la lithiyamu, kufotokoza kwa wogulitsa kwathera pakati pa chiganizo, pomwe palembedwa `See more`. Mwana wanu sanadine pamenepo asanajambule, choncho mbali ina ya mawu sitinaione, ndipo kawirikawiri zinthu zowawa, monga zakuti katundu sanafike m'dziko muno kapena mtengo wolembedwawo ndi wa kabatire kakang'ono, zimakhala kumunsi komweko. Mupempheni abwerere ajambulenso zonse: mawu onse atatambasulidwa, chithunzi chilichonse cha katunduyo pachokha, makamaka cha chipepala chomatidwa pa batire, ndiponso tsamba la wogulitsa pomwe pamaoneka chaka chimene analowa pa Facebook ndi zinthu zina zomwe akugulitsa. Akuuzeninso tsiku lomwe anajambula. Katundu wotere amachokera kunja, ndipo mtengo wake umayenda ndi dola. Chithunzi cha masabata atatu apitawo chikhoza kukhala ndi mtengo womwe kulibenso.

Tsopano lamulo limodzi lomwe limasiyanitsa tebulo lothandiza ndi tebulo longokongola. Chilichonse chomwe mukulemba m'kabokosi, lembani pambali pake komwe chachokera. Ine ndimagwiritsa ntchito mawu atatu. Ndimalemba "chaoneka" ngati ndachiwerenga ndekha pa katunduyo m'chithunzi. Ndimalemba "wanena" ngati ndi mawu omwe wogulitsa anatayipa yekha. Ndipo ngati chinthu sichikutchulidwa paliponse, ndimalemba "sananene", osadzaza ndi zomwe ndikuganiza. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Amaona kabokosi kopanda kanthu n'kumva ngati tebulo silinathe, ndiye amapita pa intaneti, n'kupeza batire lofanana nalo la kampani ina, n'kukopera manambala ake. Akatero ndiye kuti akuyerekeza katundu yemwe sakugulitsidwa kwa iwo. Kabokosi kopanda kanthu kasiyeni choncho, ndi funso lomwe mukam'funse wogulitsa.

Nali tebulo lochokera pa zithunzi zanu monga zilili lero. Likhoza kulembedwa m'kope la sukulu ndi cholembera, silifuna kompyuta.

| | Batire A, la jelo | Batire B, la lithiyamu |
|---|---|---|
| Mtengo wolembedwa | K5,200 (chaoneka) | K6,900, pambali pake K8,500 yokhwatchidwa (chaoneka) |
| Kubweretsa kunyumba | mudzitengere nokha (wanena) | ulere mu Lusaka (wanena) |
| Msonkho uli kale mu mtengo? | sananene | sananene |
| Dzina la kampani ndi nambala ya mtundu | dzina likuoneka, nambala sikuwerengeka | palibe, chithunzi si cha m'shopu |
| Mphamvu yolembedwa | 12V 200Ah (chaoneka) | 12.8V 100Ah LiFePO4 (wanena) |
| Kulemera | 45kg pa katoni (chaoneka) | sananene |
| Tsiku lopangidwa | sananene | sananene |
| Kangati lingatchajidwe | sananene | 6,000 (wanena) |
| Waranti | miyezi 6 (wanena) | zaka 5 (wanena) |
| Kubweza katundu | `No return, no refund` (chaoneka) | sananene |
| Kalipiridwe | pa shopu, katundu mukumuona | theka poyamba pa foni, lotsala akafika |
| Katundu ali kuti | pa shopu ku Kamwala (wanena) | afika m'masiku 14 (wanena) |
| Lisiti | sananene | sananene |

Mukaliyang'ana chapatali, musanawerenge n'komwe manambala, pali chomwe chikuoneka kale. Mbali ya A ili ndi "chaoneka" kangapo. Mbali ya B ili ndi "chaoneka" pa mtengo pokha, zina zonse ndi mawu a munthu amene simunamuonepo.

Za mtengo sindichedwapo. K8,500 yokhwatchidwayo iwalani, wogulitsa aliyense akhoza kulemba nambala yaikulu n'kuikhwatcha. Mtengo woika mu tebulo ndi womwe muwononge mpaka batire litakhala pansi pa invata yanu likugwira ntchito. Batire la jelo la kukula uku silinyamulika pa basi, mufunika galimoto ndi anyamata awiri. Kamwala ndi Kabwata n'zoyandikana, ndiye tingoyerekeza kuti mayendedwe ndi onyamula akudyerani K250. Mtengo wa A ufika pa K5,450. Wa B ukhale pa K6,900 kaye, koma muusiyire malo, chifukwa pali chinthu china chomwe mwina mudzafunika kugula pamwamba, ndifikapo. Funsaninso onse awiri ngati msonkho uli kale mkati, poti ena amautchula pokhapokha mukapempha lisiti. Kusiyana kwa mitengo, komwe pa zithunzi kunali K1,700, kwatsika kufika pa K1,450.

Pa mphamvu ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa maganizo anu akuti 200 ndi kawiri ka 100 ndi omwe wogulitsa aliyense wa mabatire a jelo amafuna kuti mukhale nawo. Nambala ya Ah payokha siikuuzani kuti tivi iyaka maola angati. Choyamba muichulukitse ndi mavoti, nambala ija yolembedwa V, kuti mupeze mphamvu yonse yomwe batire limasunga, yomwe amailemba Wh.

```
A: 12 × 200 = 2,400 Wh
B: 12.8 × 100 = 1,280 Wh
```

Mpaka apa A akutsogolabe. Koma mabatire awiriwa salola kutungidwa mofanana. Batire la jelo lili m'banja limodzi ndi batire la galimoto, m'kati mwake muli mtovu ndi asidi wokhuthala. Lili ngati dramu lomwe mpopi wake anaubowola pakati: madzi a pansi alimo, koma si oti muziwatunga. Mukamalitsitsa kupyola theka tsiku ndi tsiku, limakalamba msanga, ndipo n'chifukwa chake amisiri amawerengera theka lokha. Ndiye pa 2,400 Wh, zanu ndi 1,200 Wh. Batire la LiFePO4, womwe ndi mtundu wa lithiyamu womwe B watchula, limalola kutsitsidwa kwambiri popanda kuonongeka chotero. Ena amawerengera magawo 90 pa 100, ine ndimawerengera 80 kuti ndisadzinamize. Pa 1,280 Wh, zanu ndi 1,024 Wh. "Kawiri" kuja kwasanduka 1,200 ndi 1,024.

Tiike m'maola, omwe ndiwo mumawamva madzulo. Sindinaone zipangizo zanu, choncho nditenga manambala omwe amapezeka kawirikawiri, inu mukawerenge enieni pa zipepala za kumbuyo kwa chipangizo chilichonse. Tivi mawati 60, rauta mawati 10, mababu anayi a mawati 9 lililonse ndi 36, kutchaja mafoni ndi laputopu mawati 45. Zonse pamodzi ndi mawati pafupifupi 150. Invata nayo imadyako posintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba, ndiye batire limatulutsa pafupifupi mawati 175 kuti inu mulandire 150. Mukagawa 1,200 ndi 175 mupeza maola ochepera pang'ono 7. Mukagawa 1,024 ndi 175 mupeza maola ochepera pang'ono 6. Kusiyana ndi ola limodzi.

Ola limenelo nalonso ndili nalo chikayiko, ndipo chikayikocho chachokera pa chithunzi cha wogulitsa yemweyo. Kumbuyo kwa batire kukuoneka katoni, ndipo pa katoniyo palembedwa 45kg. Mu batire la jelo, chomwe chimasunga mphamvu ndi mtovu, ndipo mtovu ndi wolemera, palibe njira yozembera. Batire la jelo la 12V lomwe lilidi 200Ah limalemera makilogalamu apakati pa 55 ndi 65. Makilogalamu 45 ndi kulemera komwe ndimayembekezera pa batire la 150Ah. Sindikunena kuti wa shopu ndi wakuba. Mwina katoniyo ndi ya batire lina lomwe linangokhala kumbuyo, mwinanso iye anagulitsidwa choncho. Koma ngati katoniyo ndi yake, masamu asintha: 12 kuchulukitsa ndi 150 ndi 1,800 Wh, theka lake ndi 900 Wh, ndipo maola atsika kufika pa 5. Batire lomwe munaliona lalikulu kawiri lingakhale lochepa kuposa linzake. Mu tebulo onjezani mzere wa "mphamvu yomwe ndingagwiritse ntchito", ndipo mbali ya A mulembe manambala onse awiri, 1,200 kapena 900, mpaka sikelo itaweruza.

Pali mzere wina womwe sumapezeka pa malonda aliwonse, koma kuno ku Lusaka ndi wofunika kuposa yambiri: batire limatenga nthawi yotani kuti lidzaze. Mukukumbukira mu 2024, madzi atatsika ku Kariba chifukwa cha chilala, mmene malaiti ankabwerera maola ochepa chabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Nthawi ngati imeneyo imapha mabatire a jelo. Mukagwiritsa ntchito theka la batire la 200Ah, muyenera kubwezeramo 100Ah. Tchaja yotulutsa maampu 20 imafuna maola 5 pa masamu okha, ndipo batire la mtovu likamayandikira kudzaza limalandira pang'onopang'ono, kotero pamafunika maola ena pamwamba. Malaiti akapita lisanadzaze, mawa liyambira pakati, mkuja chimodzimodzi. Batire la mtovu lokhala masiku osadzaza limamanga timiyala toyera pa mbale zake za m'kati, ndipo mphamvu yomwe yatayika choncho kawirikawiri sibwerera. Mwina umu ndi mmene batire lanu lakale linafera. La lithiyamu silidandaula kukhala losadzaza, ndipo limalandira magetsi mofulumira mpaka kumapeto.

Koma ubwino umenewu umadalira tchaja, ndipo apa ndi pomwe pali ndalama yomwe ndinati muisiyire malo. Yang'anani invata yanu, kapena buku lake ngati mukadali nalo. Kodi ili ndi posankha mtundu wa batire, pomwe pamalembedwa `GEL`, `AGM`, `Li` kapena `USER`? Batire la LiFePO4 la 12.8V limatchajidwa pa mavoti apakati pa 14.2 ndi 14.6. Ma invata ena akale amangofika pa 13.8, ndipo batire limatchajika mochedwa. Ena ali ndi chizolowezi chokweza mavoti kupyola 15 nthawi ndi nthawi pofuna kutsitsimutsa mabatire a madzi, zomwe lithiyamu safuna. Onaninso maampu a tchajayo. Ngati ndi 10 okha, batire lililonse mwa awiriwa lidzatenga maola 8 kapena kuposa, ndipo kufulumira kwa lithiyamu simudzakuona. Zikatero mufunika tchaja yapadera, ndipo mtengo wake ulowe mbali ya B. M'batire la lithiyamu mulinso kachipangizo kolondera, kolembedwa BMS, komwe kamalizimitsa likatsika kwambiri kapena mukakoka magetsi opyola malire. Wogulitsa B sananene malire akewo. Pa mawati 175 anu palibe vuto, koma tsiku lomwe mudzalumikize firiji mudzafuna kudziwa.

Nanga za kukhalitsa? B wanena kuti batire lake lingatchajidwe ka 6,000. Nambala zotere zimachokera ku mayeso a ku fakitale, m'chipinda chozizira bwino, ndipo batire lopanda dzina silingakuonetseni pepala la mayesowo. Ine ndilemba 2,000, yomwe ndi nambala yodzichepetsa pa LiFePO4 yeniyeni. A sananene kanthu, ndipo pa batire la jelo wamba lotsitsidwa mpaka theka tsiku lililonse ndingayerekeze 500. Awa ndi manambala anga oyerekeza, choncho mu tebulo alembedwe padera ndi cholembera cha mtundu wina, asasakanikirane ndi zomwe zaoneka. Mukachulukitsa mphamvu yogwiritsidwa ntchito ndi kangati, A akupatsani mayuniti 600 pa moyo wake wonse, mayuniti ake omwewa omwe mumagula a mita ya ZESCO, yuniti imodzi kukhala 1,000 Wh. B akupatsani pafupifupi 2,050. Gawani mtengo ndi mayunitiwo: A ndi pafupifupi K9 pa yuniti, kapena K12 ngati lili la 150Ah, pomwe B ndi pafupifupi K3.40. Ngakhale mutati ndam'chepetsa A, n'kumuwerengera 1,000 m'malo mwa 500, B akutsikabe mtengo. Kutentha kwa Okutobala nakonso kumapweteka batire la mtovu kuposa la lithiyamu, makamaka likakhala m'chipinda cha malata chopanda mpweya.

Tikanalekera pamenepa mukanatumiza kale ndalama kwa B. Masamu onse okomawa aima pa mawu akuti batirelo ndi la LiFePO4 ndipo ndi la 100Ah, mawu omwe mu tebulo alembedwa "wanena". Ndiye titembenukire ku mizere ya pansi, ya malamulo a wogulitsa. Imeneyi ine sindiiwerenga ngati mapointi ophatikiza ndi enawo, kuti B waluza apa koma wawina apo. Ndimaiwerenga poyamba, ndipo wogulitsa akalephera pamenepo, mtengo wake wabwino sundikhudzanso.

Waranti ya zaka 5 ikumveka yoposa ya miyezi 6 kakhumi. Koma waranti ndi lonjezo, ndipo lonjezo limalimba malinga ndi kupezeka kwa wolonjeza. Batire likafa m'chaka chachiwiri, mudzapita nalo kuti? B sanatchule shopu, msewu kapena dzina la bizinesi. Pali nambala ya foni yokha. Chithunzi chake n'cha batire loyera mbee pa malo opanda kanthu, ngati zomwe zimapezeka pa masamba a mafakitale, kusonyeza kuti mwina katunduyo sanam'gwirepo ndi manja. Mwana wanu akhoza kusaka chithunzicho pa Google, ndipo akachipeza pa masamba ambiri a kunja mudziwa kuti n'chokopera. Kukopera chithunzi si umboni wa kuba, amalonda ambiri oona amachita zimenezo chifukwa cha ulesi. Koma mukaphatikiza ndi theka la ndalama poyamba, K3,450, ndi katundu yemwe akuti afika m'masiku 14, mwapeza njira yomweyo yomwe anthu amaberedwa nayo pa intaneti. Ngakhale munthuyo atakhala woona, ndiye kuti akuoda katundu ndi ndalama zanu, ndipo akachedwa pa bodala kapena akafika wina wosiyana, wovutika ndinu. Mu tebulo, pa waranti ya B ine ndingalembe kuti "zaka 5, koma palibe kopita nayo".

Mukaganiza zoyesabe, pali kafufuzidwe kosalipira. Pa Airtel Money kapena MTN MoMo, mukalowetsa nambala ya wolandira, dzina lomwe nambalayo inalembetsedwa limaoneka musanaike nambala yanu yachinsinsi. Onani dzinalo, kenako lekani osamaliza. Ngati likusiyana ndi la pa tsamba la malonda, ndipo wogulitsa akuyamba nkhani zakuti ndi nambala ya mlamu wake, musapitirire. Ngati akunena kuti ndi kampani, afunseni dzina lomwe analembetsa ku PACRA ndi nambala yawo ya msonkho ya ku ZRA. Wa bizinesi yeniyeni sakwiya ndi funso limeneli.

A nayenso ali ndi chilema chake, mawu aja akuti `No return, no refund`. Pano pali chinthu chomwe ogula ambiri sadziwa. Lamulo la dziko lino la 2010 loona za mpikisano wa malonda ndi kuteteza ogula limaletsa eni mashopu kuika zikwangwani zokana udindo wawo kapena zolanda wogula ufulu womwe lamulo lam'patsa, ndipo limaletsanso kugulitsa katundu woonongeka kapena wosagwira ntchito yomwe anagulidwira. Bungwe lomwe limayang'anira zimenezi ndi CCPC, ndipo limalandira madandaulo a ogula. Choncho mawu amenewo sakuchotserani ufulu ngati batire litapezeka lakufa kapena losafika pa zomwe zalembedwa. Sakupatsaninso ufulu wobweza chifukwa choti mwangosintha maganizo, zimenezo n'zina. Komabe mawuwo akukuuzani mtima wa wogulitsa, kuti tsiku la vuto mudzalimbana naye. Ndipo akuwombana ndi waranti yake yomwe: katundu wosabwezedwa angakhale bwanji ndi waranti ya miyezi 6? Mufunseni kuti batire likafa m'mwezi wachitatu amachita chiyani, amapereka lina, amakonza kapena amabweza ndalama, nanga amene amaweruza kuti lafa lokha osati mwalipha ndinu ndani. Ogulitsa mabatire ambiri amakana waranti ponena kuti wogula ankalitsitsa kwambiri, ndipo inu mulibe umboni wotsutsa. Chomwe angayankhe chilembedwe pa lisiti, pamodzi ndi nambala yapadera ya batirelo. Popanda lisiti, ngakhale a CCPC avutika kukuthandizani, ndipo apa mpomwe kusiyana kwa A ndi B kukuonekera: A ali ndi chitseko chomwe munthu angagogode, B alibe.

Mabokosi onse olembedwa "sananene" asanduke uthenga umodzi kwa aliyense, wolemba pa WhatsApp osati kuimba, kuti mayankho atsale. Kwa A: ndijambulireni chipepala cha pa batire pafupi kuti nambala ya mtundu iwerengeke, likulemera makilogalamu angati, linapangidwa liti, ndipo 200Ah yo ndi ya `C10` kapena `C20`. Funso lomalizali tanthauzo lake ndi lakuti batire la mtovu limaoneka lalikulu likamakokedwa pang'onopang'ono kwa maola 20 kusiyana ndi likamakokedwa m'maola 10, ndipo ena amalemba nambala ya maola 100 kuti ikongole. Tsiku lopangidwa ndi lofunika chifukwa batire la mtovu lokhala pa shelefu miyezi yambiri osatchajidwa limakalamba lisanagulidwe. Kwa B: batirelo ndi la kampani iti, ndijambulireni lomwe muli nalo pano pambali pa pepala lolembedwa tsiku la lero, likulemera bwanji, BMS yake imalola maampu angati, waranti ndikaitengera kuti, ndipo mungabweretse kuti ndilipire zonse katundu ndikumuona? Jambulani mayankhowo pa sikirini, muwalowetse mu tebulo ngati "wanena". Amasanduka "chaoneka" pokhapokha mwaona ndi maso anu.

Mmene ndikuonera, B akavomera kulipidwa katundu atafika, n'kuonetsa dzina la kampani ndi malo omwe amapezeka, ndipo invata yanu ikukwanitsa kutchaja lithiyamu, tengani B. K1,450 yoonjezerayo ibwerera. Akakana, musathamangire kwa A chifukwa choti ndiye watsala. Onjezani mbali yachitatu mu tebulo, mufufuze shopu yokhala ndi batire la LiFePO4 la 100Ah pa shelefu, ngakhale mtengo utakwererako. Kamwala yemweyo ndi m'tauni muli mashopu ambiri a zipangizo za sola, ndipo mizere ya tebulo muli nayo kale, n'kungodzaza. A ndingam'tenge pokhapokha ndalama zathera pomwepo, sikelo yaonetsa makilogalamu opyola 55, ndipo kwanuko malaiti amakhala nthawi yokwanira kulidzaza tsiku lililonse. Sikelo ikaonetsa 45, ndiye mukambirane mtengo wa batire la 150Ah.

Tsiku logula pitani ndi sikelo ya m'bafa ndi kamita koyezera mavoti, kapena ndi mmisiri yemwe ali nako. Batire la jelo latsopano lomwe silinalumikizidwe kulikonse liyenera kuonetsa mavoti 12.7 kapena kuposerapo pang'ono. Likaonetsa ochepera 12.4 ndiye lakhala nthawi yaitali osadzaza, pemphani lina. Yang'ananinso m'mbali mwake ngati mwatupa, ndi pa mitu yake ngati pali zipsera za mabauti zosonyeza kuti linagwirapo kale ntchito. Pa la lithiyamu, mavoti sakuuzani zambiri, chifukwa limaonetsa pafupifupi 13.2 kaya lili pa theka kaya latsala pang'ono kudzaza. Sikelo imathandizako: la 100Ah limalemera makilogalamu apakati pa 10 ndi 13, ndipo lopepuka kwambiri kuposa apo n'lokayikitsa. Mayeso ake enieni ndi a kunyumba, m'masiku oyamba omwewo. Litchajeni lidzaze, yatsani tivi, rauta, mababu ndi laputopu zonse pamodzi, mulembe nthawi, ndipo mulisiye mpaka invata izime yokha. Kamodzi kokha sikulipweteka. Pa mawati 175, batire la 1,280 Wh liyenera kufika maola 7 kapena pafupi napo. Invata ina imazima msanga pang'ono batire lisanathere, ndiye maola 6 ndi theka asakudetseni nkhawa. Likazima pa maola 4, jambulani nthawiyo, tengani lisiti ndi zithunzi zonse za malonda zija, mubwerere nalo kwa wogulitsa sabata yomweyo.